Kodi Kutsitsa Mtengo Kumachulutsa Ndalama? Masamu Amene Wamalonda Wamng'ono Ayenera Kudziwa

Wamalonda akatsitsa mtengo wa katundu wake pamachitika zinthu ziwiri zokokana. Chinthu chilichonse chimene wagulitsa chimabweretsa ndalama zochepa kusiyana ndi kale, koma ogula amachuluka ndipo katundu amayenda msanga. Ndalama zolowa patsiku zimapezeka pochulukitsa mtengo ndi chiwerengero cha zinthu zimene zagulidwa. Choncho kutsitsa mtengo kumachulutsa ndalamazo pokhapokha ngati malonda akwera kwambiri mpaka kukwirira dzenje limene kutsika kwa mtengoko kwakumba. Malonda akakwera pang'ono chabe, wogulitsa amagwira ntchito yambiri n'kuwerukira ku ndalama zochepa.

Akatswiri a zachuma ali ndi njira yoyezera mmene ogula amasinthira mtengo ukasintha, ndipo amaitcha elasitisite. Amene anaifotokoza mwadongosolo ndi Alfred Marshall wa ku England, m'buku lake la Principles of Economics la mu 1890. Ganizo lake ndi lofanana ndi la mphira: ina ukaikoka pang'ono imatamuka kwambiri, ina ngakhale uikoke bwanji imangosuntha pang'ono. Malonda nawonso ali choncho, ndipo nambala imodzi, mlingo wa kutamuka, ndi imene imanena kuti katundu wakutiwakuti ali mbali iti.

Tanthauzo la nambalayi

Mlingo wa kutamuka umapezeka potenga peresenti imene malonda asinthira n'kuigawa ndi peresenti imene mtengo wasinthira. Mtengo ukatsika ndi 10 peresenti malonda n'kukwera ndi 20 peresenti, mlingo ndi 2. Mtengo ukatsika ndi 10 peresenti yomweyo malonda n'kukwera ndi 5 peresenti yokha, mlingo ndi 0.5. Pamafunika maperesenti, osati makwacha, chifukwa kuchotsera K50 pa mandasi a K250 ndi nkhani yaikulu, pamene K50 yomweyo pa thumba la simenti palibe angaione. M'mabuku a zachuma nambalayi nthawi zambiri imakhala ndi chizindikiro chochotsera kutsogolo kwake, popeza mtengo ndi malonda zimayenda mosemphana. Pa ntchito ya wamalonda chizindikirocho chimasiyidwa, n'kuyang'ana kukula kwa nambala kokha.

Malire ake ali pa 1. Mlingo ukaposa 1, ndiye kuti malonda akwera ndi gawo lalikulu kuposa limene mtengo watsikira, ndipo ndalama zolowa zimachuluka. Mlingo ukachepera 1, kutsitsa mtengo kumachepetsa ndalama zolowa, ndipo pa katundu wotere kukweza mtengo ndi kumene kumazichulutsa. Ukakhala 1 ndendende, ndalama zimangokhala pomwe zinali.

Funso loyamba mtengo usanatsike

Wamalonda asanafufute mtengo wakale pachikwangwani angathe kudziwiratu kuchuluka kwa malonda amene akufunika kuti asaluze. Chitsanzo chotsatirachi ndi chongoyerekeza, koma masamu ake amagwira ntchito pa katundu aliyense. Mayi wina amagulitsa mandasi pafupi ndi depoti ya basi. Amagulitsa mandasi 120 patsiku pa K250 limodzi, kutanthauza kuti patsiku amatola K30,000. Akuganiza zotsitsa mtengo kufika pa K200.

Kuti atolenso K30,000 pa mtengo watsopanowo ayenera kugulitsa mandasi 150, chifukwa 30,000 kugawa ndi 200 ndi 150. Apa pali chinthu chimene ambiri amachiphonya. Mtengo watsika ndi 20 peresenti, koma malonda ayenera kukwera ndi 25 peresenti, osati 20, kuti ndalama zingofanana ndi zakale. Chifukwa chake n'chakuti mandasi owonjezerawo akugulitsidwa pa mtengo wotsika kale. Kusiyana kumeneku kumakula mtengo ukatsika kwambiri: wotsitsa ndi 10 peresenti amafunika malonda okwera ndi 11 peresenti, pamene wodula mtengo pakati amafunika kugulitsa kawiri kuchuluka kwa zimene ankagulitsa.

Nambala ya 150 imasandutsa funso lovuta kukhala funso looneka ndi maso. Kodi padepotipo pamadutsa anthu okwanira kugula mandasi ena 30 tsiku lililonse? Kodi chiwaya ndi nthawi ya m'mawa zingakwanitse kukazinga mandasi onsewo? Ngati yankho lili ayi, palibe chifukwa choyesera n'komwe.

Kuwerengera mlingo pambuyo poyesa

Tinene kuti mayiyu wayesa. Kwa masabata awiri walemba m'kope malonda a tsiku lililonse pa K250, ndipo avereji yake ndi mandasi 120 patsiku. Kwa masabata ena awiri wagulitsa pa K200, ndipo avereji yafika pa 165.

Njira yodalirika yowerengera ndi imene imayeza kusinthaku poyerekeza ndi nambala ya pakatikati, osati nambala yoyambira. P1 ndi mtengo wakale, P2 ndi mtengo watsopano, Q1 ndi malonda akale, Q2 ndi malonda atsopano.

```
A = (Q2 - Q1) / ((Q1 + Q2) / 2)
B = (P1 - P2) / ((P1 + P2) / 2)
E = A / B
```

Choyamba ndi mbali ya malonda. Akwera ndi mandasi 45, kuchoka pa 120 kufika pa 165. Pakatikati pa nambala ziwirizi ndi 142.5. Kugawa 45 ndi 142.5 kumapereka 0.316, imene ndi 31.6 peresenti. Chachiwiri ndi mbali ya mtengo. Watsika ndi K50, ndipo pakatikati pa K250 ndi K200 ndi K225. Kugawa 50 ndi 225 kumapereka 0.222, imene ndi 22.2 peresenti. Chomaliza ndi kugawa 31.6 ndi 22.2, ndipo yankho ndi 1.4. Masamu onsewa amatheka pa foni wamba.

Mlingo wa 1.4 waposa 1, choncho ndalama zolowa ziyenera kukhala kuti zakwera. Kope likuvomereza: mandasi 165 pa K200 ndi K33,000, kuposa K30,000 yakale ndi K3,000 patsiku.

Nambala ya pakatikatiyi ili ndi chifukwa chake. Akanakhala kuti malonda anangofika pa 146, munthu wowerengera kuchokera pa nambala zoyambira akanati malonda akwera ndi 21.7 peresenti pamene mtengo watsika ndi 20 peresenti, n'kupeza mlingo wa 1.08 wosonyeza ngati zinthu zayenda bwino. Koma mandasi 146 pa K200 ndi K29,200 yokha, yochepera K30,000. Njira ya pakatikati ikanapereka 0.88, imene ikugwirizana ndi zimene zili m'thumba. Njira imeneyi sisemphana ndi ndalama zenizeni: ikaposa 1 ndalama zakwera, ikachepera 1 zatsika. Imaperekanso yankho limodzimodzi kaya mtengo ukuchoka pa K250 kutsikira pa K200 kapena ukuchoka pa K200 kukwerera pa K250.

Pamene kutsitsa sikuthandiza

Chitsanzo cha mbali inayi ndi chigayo chimene chili chokha m'dera. Mwini wake amagayitsa ndowa 50 patsiku pa K1,000 ndowa imodzi, n'kutola K50,000. Watsitsa kufika pa K800 poganiza kuti anthu akhamukirako, koma ndowa zangofika pa 54. Mbali ya malonda ndi 4 kugawa ndi 52, imene ndi 7.7 peresenti. Mbali ya mtengo ndi 200 kugawa ndi 900, imene ndi 22.2 peresenti. Mlingo ndi 0.35, ndipo ndalama zolowa zatsika kufika pa K43,200. Tsiku lililonse mwini chigayo akuluza K6,800 potsitsira mtengo anthu amene akanabwerabe ngakhale mtengo ukanakhala wakale.

Kusiyana kwa mandasi ndi chigayo kuli pa zimene wogula angachite. Banja limadya ufa womwewo pamwezi kaya kugayitsa kwatchipa kapena ayi, ndipo palibe amene amaphika nsima kachitatu chifukwa chigayo chatsitsa mtengo. Wapaulendo wa padepoti ali ndi zambiri zoti asankhe: nthochi, zitumbuwa, chinangwa chophika, mandasi a mayi wapabenchi ina, kapena kungopirira njala mpaka kwawo. Choncho chimene chimakweza mlingo wa kutamuka kuposa china chilichonse ndi kupezeka kwa zolowa m'malo. Chigayo chomwecho, patatsegulidwa china kutsidya kwa msewu, mlingo wake ungakwere kwambiri, osati chifukwa anthu ayamba kudya ufa wambiri, koma chifukwa tsopano pali makasitomala olandana.

Mfundo imeneyi imafotokoza chifukwa chake mlingo wa katundu m'dziko lonse sungabwerekedwe n'kuugwiritsa ntchito pa golosale imodzi. Mchere anthu amagula womwewo ngakhale utatchipa, kotero mlingo wake pa msika wonse ndi wotsika. Koma mchere wa pa okala imodzi pakati pa okala zisanu zoyandikana ungathe kutamuka kwambiri, chifukwa wogula amangosuntha mapazi ochepa. Kukula kwa ndalama imene katundu amadya m'thumba la wogula nakonso kuli ndi mbali. Bokosi la machesi anthu sayendera msika wonse kufunsa mtengo, koma malata ndi feteleza amafunsa masitolo angapo asanatulutse ndalama.

Ndalama zolowa si phindu

Mlingo woposa 1 umangoyankha funso la ndalama zolowa. Sunena kanthu za phindu, ndipo apa ndi pamene amalonda ambiri amagwera. Mandasi 45 owonjezera aja sanagwe kumwamba. Anafuna fulawa, shuga, yisiti, mafuta ophikira ndi nkhuni. Tinene kuti kupanga mandasi limodzi kumadya K130. Pa K250 mayi uja ankatsala ndi K120 pa limodzi, ndipo pa mandasi 120 ankatsala ndi K14,400 patsiku. Pa K200 akutsala ndi K70 yokha pa limodzi, ndipo pa mandasi 165 akutsala ndi K11,550. Ndalama zolowa zakwera ndi K3,000, koma phindu latsika ndi K2,850, kuwonjezera apo akudzuka m'mamawa kwambiri kuti akazinge zochuluka.

Chimene chachitika n'chakuti K50 yochotsedwayo yachoka yonse pa phindu, popeza wogulitsa fulawa sanatsitse mtengo wake. Pa mtengo wa mandasi K50 ndi 20 peresenti, koma pa phindu la K120 ndi pafupifupi 42 peresenti. Kuti phindu lifanane ndi lakale pamafunika kugawa K14,400 ndi K70, ndipo yankho ndi mandasi 206 patsiku. Malonda ayenera kukwera ndi 72 peresenti, kutanthauza mlingo wa kutamuka wa pafupifupi 2.4, osati 1.4. Ndalama zimene sizisintha ndi kuchuluka kwa malonda, monga lendi ndi chiphaso cha pamsika, sizilowa m'masamuwa chifukwa zimalipidwa chimodzimodzi pa mitengo yonse iwiri.

Apa pakuoneka kuti wamalonda ali ndi malire awiri: 150 wa ndalama zolowa ndi 206 wa phindu. Kutalikirana kwa malire awiriwa kumadalira kukula kwa phindu la pa chinthu chimodzi. Wagolosale amene amaoda shuga n'kuikapo kaphindu kochepa angathe kumaliza phindu lonse pongotsitsa mtengo pang'ono. Wometa tsitsi kapena wotchaja mafoni ndi wosiyana, chifukwa kasitomala wowonjezera samudyera ndalama zambiri. Kwa iye ndalama zolowa zikakwera, phindu nalo nthawi zambiri limakwera. Chimodzimodzinso katundu wowola monga tomato ndi nsomba zaziwisi dzuwa likapendeka: ndalama zooderazo zinapita kale, zotsala zidzatayidwa, kotero chofunika ndi kutola ndalama zambiri momwe zingathekere.

Munthu angafunse kuti mlingowu ndi wa ntchito yanji ngati ndalama zolowa zimaoneka pongochulukitsa mtengo ndi malonda. Ntchito yake ndi yoyerekezera mitengo imene sinayesedwe. Pogwiritsa ntchito 1.4 uja, mtengo wa K225 ungagulitse mandasi pafupifupi 139, ndipo phindu lingakhale cha m'ma K13,200, lochepabe kusiyana ndi K14,400. Mtengo wa K300 ungatsitse malonda kufika pa mandasi pafupifupi 93, ndalama zolowa n'kutsika kufika pa K27,900, koma phindu n'kukwera kufika pa K15,810. Zimenezi ndi zongoyerekeza zofunika kuziyesa, chifukwa mlingo wopezeka pakati pa K200 ndi K250 sukhala womwewo pa mitengo ina, ndipo kawirikawiri umakula mtengo ukamakwera. Komabe nambalayi yaloza mbali yoyenera kuyesa, imene ndi yosiyana ndi imene mwini bizinesi ankaganiza poyamba.

Zimene zimasokoneza kuyesa

Masamu onsewa amadalira chinthu chimodzi: kuti pakati pa nthawi ziwiri zoyerekezedwazo chimene chasintha ndi mtengo wokha. Pa malonda enieni zimenezi sizichitika zokha, zimafuna kukonzekera.

Chosokoneza chachikulu ndi nyengo. Ku Malawi ndalama zimayenda kwambiri kumapeto kwa mwezi anthu akalandira malipiro, komanso miyezi yokolola ndi yogulitsa fodya kuyambira cha mu Epulo, pamene mu Januwale ndi Febuluwale matumba amakhala opepuka. Wamalonda amene wayerekeza masabata a pakati pa mwezi pa mtengo wakale ndi masabata a malipiro pa mtengo watsopano adzapeza mlingo waukulu wabodza. Njira yopewera ndi kuyerekeza masiku ofanana: Lolemba ndi Lolemba, tsiku la msika ndi tsiku la msika, gawo lomwelo la mwezi. Njira ina yabwino ndi kusiya katundu mmodzi wosagwirizana ndi woyesedwayo pa mtengo wake wakale kuti akhale mboni. Ngati malonda a katundu wa mboniyo akwera ndi 10 peresenti pa masiku omwewo, ndiye kuti gawo lina la kukwera kwa mandasi labwera ndi nyengo, ndipo liyenera kuchotsedwa masamu asanayambe.

Kukwera kwa mitengo ya zinthu zonse kumasokonezanso. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo mitengo ya katundu wambiri inakwera. Pa nthawi ngati imeneyo wamalonda amene wasiya mtengo wake pomwe unali amakhala kuti watsitsa poyerekeza ndi anzake, ngakhale sanasinthe chikwangwani. N'chifukwa chake nambala za m'kope la chaka chatha siziyenera kuyerekezedwa ndi za chaka chino. Nthawi ziwiri zoyesera ziyenera kukhala zoyandikana.

Chachitatu ndi katundu kutha. Ngati mandasi akutha nthawi ya 10 koloko m'mawa, kope likulemba kuchuluka kwa amene anakazingidwa, osati amene anthu ankafuna, ndipo mlingo udzaoneka wochepa kuposa weniweni. Chizindikiro chake n'chosavuta kuona: nambala yofanana tsiku ndi tsiku, ndiponso beseni lopanda kanthu nthawi isanakwane.

Palinso malonda amene amakwera mwachinyengo. Sopo, shuga ndi mafuta ophikira zimasungika, kotero mtengo ukatsika makasitomala akale amagula za mwezi wonse nthawi imodzi, ndipo masabata otsatira malonda amagwa. Pa katundu wotere kulemba kuyenera kupitirira mpaka malonda atakhazikika. Wogulitsa zinthu zingapo ayeneranso kuyang'ana benchi yonse. Ngati mandasi akwera koma zitumbuwa zake zomwe zatsika, ndiye kuti wangosamutsa makasitomala ake omwe. Ngati tiyi wakwera limodzi ndi mandasi, phindu la tiyilo liyenera kuwerengedwa ngati gawo la zotsatira za kutsitsako.

Chomaliza ndi anzake apamsika. Mlingo wa sabata yoyamba umayezedwa ena asanasinthe mitengo yawo. Mayi wapabenchi yoyandikana akatsitsanso kufika pa K200, makasitomala amene anasamuka amabwerera, ndipo onse awiri amatsala ndi malonda pafupifupi akale pa mtengo wotsika. Kubwezera mtengo pa K250 pambuyo pake n'kovuta, chifukwa ogula amakhala atazolowera watsopano. Pa chifukwa chimenechi ndi bwino kuti kuyesa kulengezedwe ngati kwa masiku owerengeka, kapena kuchitike kudzera m'basela. Kupereka mandasi limodzi laulere kwa wogula asanu ndi kutsitsa mtengo ndithu, popeza K1,250 kugawa ndi mandasi 6 ndi K208, ndipo K208 imeneyo ndi imene imalowa m'masamu pa mandasi ogulidwa motero. Ubwino wa basela ndi wakuti limangopita kwa ogula zambiri, ndipo kulisiya sikudabwitsa anthu ngati mmene kukweza mtengo kumachitira.

Dongosolo lonse lili ndi magawo anayi. Loyamba ndi kulemba malonda a tsiku ndi tsiku pa mtengo wakale. Lachiwiri ndi kuwerengeratu malire awiri aja, wa ndalama zolowa ndi wa phindu. Lachitatu ndi kuyesa mtengo watsopano pa masiku ofanana ndi oyambawo, katundu ali wokwanira. Lachinayi ndi kuwerengera mlingo mwa njira ya pakatikati n'kuuyerekeza ndi malirewo. Mlingo wochepera 1 ndi chizindikiro chakuti mtengo usatsike. Mlingo woposa 1 umatsimikizira ndalama zolowa zochuluka basi, ndipo mtengo watsopano uyenera kukhazikika pokhapokha ngati malonda adutsanso malire a phindu.